Makeke asanu ndi limodzi amene anatiphunzitsa kudikira

Bizinesi yathu tinaiyamba awiri, ine ndi mng'ono wanga, tili ndi uvuni umodzi ndi zitini zinayi zophikira keke. Ine ndimaphika, iye ndiye amalandira maoda ndi kulongedza. Miyezi yoyamba zonse zinkayenda bwino chifukwa tinkaphika zochepa, ndipo chilichonse chinkatha tsiku lomwelo kapena mawa lake. Vuto linabwera pamene maoda anachuluka, nyengo ili yotentha, mpweya uli wodzaza chinyezi moti nsalu yopukutira mbale imachezera usiku wonse osauma.

Mayi wina amene anali ndi kamalo kogulitsira tiyi anatipatsa oda ya makeke asanu ndi limodzi a nthochi ndi mabisiketi 200. Ndinaphika Lachitatu madzulo. Tulo tinali titatigwira, ndiye patangotha theka la ola chitulutsireni makekewo mu uvuni, mng'ono wanga anawakhudza pamwamba n'kunena kuti azizira. Tinawakulunga m'pulasitiki, kuwaika m'katoni imodzi ndi mabisiketi amene anali m'mapepala ongopinda kukamwa, n'kukagona. Lachinayi m'mawa tinakapereka. Loweruka foni inalira.

“Mayi, keke yanu yachita chuku,” anatero mofatsa. “Ndipo mabisiketi aja afewa, makasitomala akundifunsa ngati ndi a sabata yatha.”

Ndinapita kukaona ndekha. Pansi pa makeke anayi panali timadontho toyera taubweya, tina titayamba kubiriwira. Pulasitiki yake inali yonyowa mkati, ndipo pamwamba pa keke panali ponanda. Ndinabweza ndalama zonse. Chimene chinandipweteka koposa ndalamazo n'chakuti sindinkadziwa pamene ndinalakwitsa, popeza ufa unali watsopano, mazira abwino, ndipo makekewo anapsa bwinobwino.

Ndinazindikira pang'onopang'ono kuti nkhani yonse inali ya madzi, kumene akuchokera ndi kumene akupita. Keke ikamatuluka mu uvuni, pakati pake pamakhala potentha kuyandikira madigiri 95 kapena kupitirira pang'ono, ndipo imapitiriza kutulutsa nthunzi kwa nthawi yaitali ngakhale kunja kwake kutazizira. Mukaikulunga nthunziyo isanathe, imagunda pulasitiki n'kusanduka madzi amene amabwerera pakhungu la keke. Njere za chuku zili paliponse, mumpweya, m'manja, pansalu. Uvuni umapha zimene zinali mu ufa, koma zatsopano zimatera pa keke ikangotuluka. Zimangofuna malo onyowa ndi ofunda, ndipo kutentha kwa pakati pa madigiri 25 ndi 30 ndiye kumene mitundu yambiri ya chuku imakula msanga. Ife tinazipatsa zonse ziwiri, n'kuwonjezerapo nthochi, imene ili ndi madzi ambiri kale.

Mabisiketi aja anavutika ndi madzi omwewo koma mwanjira ina. Bisiketi youma bwino ili ndi madzi ochepa kwambiri, ndipo shuga amene ali mmenemo amakoka chinyezi kuchokera kulikonse kumene angachipeze. Keke imataya madzi, bisiketi imamwa. Mukaziika m'katoni imodzi, keke imauma m'mbali pomwe bisiketi ikulobodoka. Kuyambira tsiku limenelo ziwirizi sizikhalanso m'chotengera chimodzi, ngakhale paulendo waufupi wokapereka oda, pokhapokha chilichonse chitatsekedwa pachokha.

Apa ndi pamene panasinthira kagwiridwe kathu ka ntchito. Keke imafuna kuidikira. Ndimaisiya m'chitini mphindi 10 kapena 15, kenako ndimaitulutsa n'kuiika pa waya woimikira kuti mpweya uzidutsa pansi pake, chifukwa ikakhala pa thebulo kapena pambale pansi pake pamachita thukuta. Keke yaikulu yonenepa ndimaipatsa maola awiri kapena atatu. Sindikhudza pamwamba poyesa, pamwamba pamanama. Ndimaika kuseri kwa dzanja pansi pa keke, pakatikati. Pakamveka kutentha ngakhale pang'ono, siinakonzeke. Nthawi yonseyi imakhala itavundikiridwa ndi kansalu ka maukonde koyera, kotchinga ntchentche koma kosatchinga mpweya. Tinasinthanso nthawi yophikira. Sindiphikanso keke usiku ndili wotopa, chifukwa munthu wa tulo amakulunga msanga.

Mabisiketi ndiye osawachedwetsa. Amazizira pa mphindi 20 kapena 30, ndipo akangozizira amayamba kumwa chinyezi cha mumpweya. Kale ndinkawasiya pa thireyi mpaka m'mawa poganiza kuti akuuma, osadziwa kuti akunyowa. Tsopano mng'ono wanga amakhala chire ndi mabotolo agalasi a chivundikiro cha labala, kapena mapepala a pulasitiki okhuthala amene timawamata kukamwa ndi makina otenthetsa. Chitini cha malata chachivundikiro chongokhazika n'chokongola, koma mpweya umalowa. M'botolo lililonse lalikulu timaponyamo kapaketi ka silika jelo koyamwa chinyezi, kaja kolembedwa kuti n'koyenera kukhala pamodzi ndi zakudya, ndipo timauza kasitomala kuti sikadyedwa, asakasiye pafupi ndi ana. Timalongedza pang'onopang'ono, khumi kapena khumi ndi awiri paketi imodzi, chifukwa botolo lalikulu limene likutsegulidwa kakhumi patsiku limalowetsa mpweya wonyowa kakhumi komweko. Mabisiketi ofewa mwadala, aja a shuga wabulawuni kapena uchi, amakhala kwaokha, apo ayi amafewetsa anzawo ouma.

Bisiketi ikafewa ndi chinyezi chokha, ilibe chuku kapena fungo, imabwerera. Ndimaiika mu uvuni wa madigiri 150 kwa mphindi zisanu kapena kupitirira pang'ono, n'kuisiya izizire pa waya. Koma ikamamveka fungo la mafuta akale, ndiye kuti batala wake waonongeka ndi kutentha, ndipo uvuni sungakonze zimenezo.

Titapeza kandalama tinagula firiji, ndipo ndinkaganiza kuti mavuto atha. Sanathe, anangosintha nkhope. Keke ya batala yogona m'firiji masiku awiri inkatuluka yolimba, yonyenyeka ngati yakalekale, chuku ilibe koma yosakoma. Kuuma kwa keke si kutha kwa madzi kokha ayi. Sitachi wa mu ufa amafewa pophika, kenako amayamba kulimbanso pang'onopang'ono, ndipo kulimbako kumafulumira kwambiri pa kuzizira kwa m'firiji, pakati pa madigiri 0 ndi 5. Batala nayenso amagwirana akazizira. Firiji imachedwetsa chuku koma imafulumizitsa kuuma. Firiza ya madigiri 18 pansi pa ziro ndiyo imaimitsa zonse ziwiri.

Choncho tinagawa makeke athu motere. Keke wamba yopanda zipatso ndi kirimu, ngati idyedwa pasanathe masiku awiri, imakhala panja m'chotengera chotseka, pamalo ozizirirapo m'nyumba, kutali ndi uvuni ndi windo la dzuwa. Ya nthochi kapena karoti siigona panja kupitirira tsiku limodzi nyengo ikakhala yotentha, imalowa m'firiji itakulungidwa bwino. Pa makeke amenewa ndinasiya batala n'kuyamba mafuta ophikira, chifukwa mafuta salimba m'firiji ngati batala ndipo keke imakhalabe yofewa. Ya kirimu wa mkaka, kasitadi kapena tchizi ilibe kukambirana, ndi ya m'firiji basi. Imeneyi choopsa chake ndi mabakiteriya, amene saoneka ndipo nthawi zina sanunkha. Isakhale panja kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kupitirira madigiri 32, ola limodzi lokha. Zina zonse zimene sizigulidwa msanga zimapita mu firiza tsiku lomwe zaphikidwa, zisanapakidwe aisingi, zitakulungidwa kawiri m'pulasitiki ndi kamodzi m'foyilo, tsiku litalembedwa pamwamba. Sitidutsitsa miyezi iwiri.

Kutulutsa keke mu firiza ndi pamene anthu ambiri amagwera, ndipo nanenso ndinagwerapo. Mpweya wa madigiri 30 umatha kusunga madzi pafupifupi magalamu 30 pa kiyubiki mita imodzi, pomwe wa madigiri 20 umasunga pafupifupi 17. Ukakhala wotentha chonchi, chinyezi chake chili pa 80 peresenti, chinthu chilichonse chozizira kuposa madigiri 26 chimachita mame, monga mmene botolo la madzi ozizira limanyowera kunja. Keke yochokera mu firiza mukaivula pulasitiki nthawi yomweyo, mame onsewo amagwera pa keke yeniyeniyo, ndipo mwabwerera pa vuto lathu la Lachitatu lija. Ine ndimaisamutsa kuchoka mu firiza kupita m'firiji usiku, m'mawa n'kuiika pa thebulo ikadali yokulungidwa kwa maola awiri kapena atatu. Madzi amakhala kunja kwa pulasitiki, ndimawapukuta, kenako ndimavula. Keke yokongoletsedwa kale imalowa m'firiji ili m'katoni yake ndipo imatuluka ili momwemo, katoni osatsegula mpaka kuzizira kutachepa. Fondanti, aisingi wa shuga amene timamuyala pa keke ngati nsalu, ikachita thukuta musaikhudze, chala chimasiya chipsera. Iyang'anitseni fani, iuma yokha.

Panali chinthu china chimene tinachipeza mochedwa. Chuku chinkabwerabwera m'chotengera chimodzi cha pulasitiki ngakhale keke itazizira bwino. Mng'ono wanga atachotsa labala wa pachivundikiro anapeza kadothi kakuda m'mphako mwake, kodzaza nyenyeswa zakale. Masiku ano zotengera timazitsuka ndi madzi otentha ndi sopo, labala titamuchotsa, kuzipukuta ndi viniga, n'kuzisiya ziume ndithu tisanatseke. Mpeni wodulira ukhale woyera ndi wouma, ndipo keke yozizira sitiigwira ndi manja opanda kanthu.

Ndipo keke ikachita chuku, ngakhale kadontho kamodzi pakona, timataya yonse. Mayi uja wa tiyi anandifunsa tsiku lija ngati angangodula pamene paonongekapo. Ndinakana. Chooneka pamwambacho ndi mbali chabe, timizu take timakhala titalowa kale mkati mwa chakudya chofewa ngati keke, ndipo mitundu ina ya chuku imatulutsa poizoni amene kutenthetsanso sikumuchotsa.

Mayiyo akadali kasitomala wathu. Anavomera kuti m'malo mwa makeke asanu ndi limodzi kamodzi pa sabata, tizimubweretsera awiri Lolemba, awiri Lachitatu ndi awiri Lachisanu, mabisiketi ali m'timapaketi tomata. Pa katoni iliyonse mng'ono wanga amalembapo tsiku lophikira ndi tsiku lomaliza kugulitsa, ndipo ya nthochi amaidinda mawu akuti “m'firiji” ndi cholembera chofiira.