Dzina lomwe linasowa pa pepala la gulu lathu

Ndimagwira ntchito yoyendetsa kafukufuku wa zaumoyo, ndipo mbali ina ya udindo wanga ndi kusunga mafayilo a gulu lathu komanso kuona kuti mapepala amene tikutumiza ku magazini a sayansi akutsatira malamulo. Lolemba m'mawa ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene anagwira nafe ntchito ngati wothandizira kafukufuku kwa zaka ziwiri, kontirakiti yake isanathe. Mnzake anali atamuonetsa pepala lathu lofotokoza zifukwa zimene amayi ena amasiyira kupita ndi ana kusikelo, lomwe magazini ina inali italivomereza kale koma lisanasindikizidwe. Analemba mwaulemu kwambiri kuti, “Achimwene, pepani kukuvutitsani, koma mawu ambiri a m'pepalali ndinalemba ndine, ndipo dzina langa ndangolipeza kumapeto, m'gawo lothokoza.” Mtima unandipweteka, chifukwa mndandanda wa alembi asanu ndi mmodziwo unadutsa m'manja mwanga miyezi inayi yapitayo ndipo sindinafunse kalikonse.

Tsiku lonse Lachiwiri ndinalithera pa mafayilo, pakuti pa nkhani yotere kukumbukira kwa anthu sikuthandiza, aliyense amakumbukira thukuta lake lokha. Ndinatsegula foda ya gulu n'kupeza pepala loyambirira lenileni, lomwe mtsikanayo anatumiza kwa mkulu wa kafukufukuyu pa imelo kutatsala milungu isanu kuti achoke. Kenako ndinagwiritsa ntchito Compare ya mu Microsoft Word kuliyerekeza ndi pepala lomaliza. Mwa ndime 14 za gawo la zotsatira ndi gawo lokambirana tanthauzo lake, ndime 9 zinali zake pafupifupi liwu ndi liwu, ndipo zimene Track Changes inaonetsa kuti ena anasintha zinali mawu olumikizira ziganizo ndi dongosolo la ndime ziwiri basi. Ngakhale kalembedwe kolakwika ka dzina la chipatala china chaching'ono, komwe iye anaphonya chilembo chimodzi, kanayenda kuchokera m'pepala loyamba mpaka kukafika m'lomaliza popanda woona.

Komabe ndinkadziwa kuti kulemba pakokha sikukwanira. Magazini imeneyi imatsatira malangizo a ICMJE, komiti ya akonzi a magazini a zachipatala yomwe inayambira ku Vancouver mu 1978, ndipo malangizowo amafuna zinthu zinayi zonse pamodzi kuti munthu atchedwe mlembi. Ayenera kukhala atatengapo gawo lalikulu pokonza kafukufuku, kapena potolera, kusanthula kapena kumasulira zomwe zapezeka. Ayenera kukhala atalemba nawo pepalalo kapena kuliunika mozama. Ayenera kuvomereza pepala lomaliza. Ndipo ayenera kulola kuyankhapo ngati pabuka mafunso pa ntchitoyo. Munthu amene wangothandiza kukonza chilankhulo malo ake ndi m'gawo lothokoza ndithu. Choncho ndinafufuzanso umboni wa mfundo yoyamba, ndipo sunavute kupeza. Iye ndi amene anacheza ndi amayi 22 mwa amayi 30 a m'kafukufukuyu, ndipo ndi amene anagawa mayankho awo m'mitu yomwe pepala lonse latsamirapo.

Lachitatu ndinalowa mu ofesi ya mkulu wa kafukufuku nditanyamula mapepala awiriwo, ndime zofanana nditazidula mzere ndi cholembera chofiira. Ndi munthu amene ndimamulemekeza, ndipo sindikhulupirira kuti anachita izi ndi mtima woipa, koma yankho lake loyamba linali limene ndalimva kawirikawiri pa ntchito ino. Anati mtsikanayo ankalandira malipiro pa ntchito imeneyo, ndipo anawonjezera kuti pamene pepala linkamalizidwa iye anali atachoka, kotero sanavomereze pepala lomaliza monga mfundo yachitatu ikufunira. Ndinayankha kuti, “Adokotala, tonse amene mayina athu ali pamenepa tinalipidwa, ndipo malangizowa satchula malipiro paliponse. Za kuvomereza pepala lomaliza, kodi tinamutumizira kuti alione?” Anakhala chete kanthawi, kenako anavomera kuti sitinamutumizire.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikufuna anzanga a ntchito ngati yanga apamvetse bwino. Malangizo omwewo amanena momveka kuti mfundo zinayizi sizinaikidwe kuti zikhale chida chochotsera anzathu powamana mwayi, ndiponso kuti aliyense amene wakwaniritsa mfundo yoyamba apatsidwe mpata wolemba nawo, kuunika ndi kuvomereza pepala lomaliza. Mtsikanayu sanakane kuvomereza. Ife ndi amene tinamutsekera chitseko, kenako n'kumuimba mlandu wosalowa m'nyumba. Chinandiwawa kwambiri ndi chakuti pa mndandanda womwewo panali dzina la mkulu wina wa dipatimenti amene, malinga ndi mafayilo, analemba ndemanga ziwiri zokha m'mphepete mwa tsamba loyamba. Nkhani imeneyo ndinaitchula, koma ndinaona kuti ndikaikakamira tsiku lomwelo ndikhoza kutaya zonse ziwiri, choncho ndinaisiya kaye, ngakhale mpaka pano siikundipatsa mtendere.

Chimene chinafewetsa mtima wa mkulu wa kafukufukuyo ndi pamene ndinamufotokozera kusiyana kwa kukonza lero ndi kukonza mawa. Pepala lisanatuluke, kuwonjezera dzina kumafuna kalata yopita kwa mkonzi yofotokoza chifukwa chake, ndi chilolezo cholembedwa cha alembi onse pamodzi ndi amene akuwonjezedwayo. Likatuluka, magazini imayenera kusindikiza chidziwitso chokonza cholakwacho, chomwe chimamatirira ku pepalalo mpaka kalekale. Ndipo ngati alembi sakugwirizana, akonzi amene amatsatira malangizo a COPE, bungwe loona za chilungamo pa kusindikiza lomwe linakhazikitsidwa mu 1997, saweruza okha kuti woyenera ndani. Amaimitsa pepala n'kubweza mlanduwo ku bungwe kumene kafukufuku anachitikira, ndipo zikatero miyezi imatha.

Lachinayi ndinamuimbira mtsikanayo. Nditamuuza kuti dzina lake lilowa, funso lake loyamba linali lakuti kodi zimenezi sizimuonongera kalata yomuchitira umboni, pakuti akufunsira malo a maphunziro a digiri yachiwiri ndipo amene angamulembere kalatayo ndi mkulu yemweyo. Anandiuza kuti imelo ija anaisunga masiku khumi asanalimbe mtima kuitumiza. Tinakambirananso za malo a dzina lake, chifukwa pa mapepala a zaumoyo dzina loyamba nthawi zambiri limakhala la amene wagwira ntchito yaikulu ndi kulemba, pamene lomaliza limakhala la wotsogolera. Kwa ine umboni unkaloza malo oyamba, koma gulu linagwirizana zomuika pachiwiri, ndipo iye anavomera. Ndinaumirira chinthu chimodzi, kuti pa fomu ya CRediT, yomwe imagawa ntchito za alembi m'magulu 14, alembedwe pa `Investigation`, `Formal analysis` ndi `Writing – original draft`, kutanthauza kuchita kafukufuku, kusanthula zomwe zapezeka ndi kulemba pepala loyambirira, kuti aliyense wowerenga aone yekha amene anayala mawuwo.

Lachisanu m'mawa tinamutumizira pepala lomaliza kuti aliwerenge, ndipo pofika masana anali atalivomereza, atakonzanso dzina la chipatala lija ndi chiwerengero chimodzi chimene chinasemphana ndi tebulo lachiwiri. Mkulu wa kafukufuku analembera mkonzi kupempha kuti ayambe waimitsa kusindikiza. Pomwe ndimatseka ofesi, alembi asanu anali atasaina fomu yosinthira mayina, ndipo wotsala ndi mnzathu wa kunja amene sanayankhe maimelo awiri. Ndamulemberanso kachitatu, ndipo Lolemba ndidzamuimbira foni nthawi ya kwawo ikadzakwana 9 koloko m'mawa.