Mmene ndinatsitsira firiji yanga kuchoka pa madigiri 9 kufika pa 4

Mkaka ndi umene unandichenjeza. Mwezi wa Okutobala, dzuwa lili phwee, mkaka wotsekula unayamba kusasa usanathe masiku awiri, chonsecho firiji inkalira bwinobwino ndipo ndikapisa dzanja ndinkamva kuzizira. Vuto la dzanja ndi lakuti silisiyanitsa madigiri 4 ndi 9, pomwe tizilombo towononga chakudya timasiyanitsa. Mbali yosungira ndiwo ndi mkaka imafunika kukhala pakati pa madigiri 0 ndi 5, ndipo ine ndimalondola pa 3 kapena 4. Firiza imafunika madigiri 18 pansi pa ziro.

Ndinagula themomita ya m'firiji, koma sindinangoiponya pa shelefu, chifukwa mpweya umasintha nthawi iliyonse mukatsekula chitseko. Ndinaiika m'tambula ya madzi pa shelefu yapakati, n'kuisiya usiku wonse. Madziwo amakuuzani mmene chakudya chenichenicho chazizirira. M'mawa, munthu wina asanatsekule, ndinawerenga: 9. Usiku wotsatira ndinaipanikiza pakati pa mapaketi a nyama m'firiza, inasonyeza 14 pansi pa ziro. Mbali zonse ziwiri zinali zopereŵera.

Ndisanakonze chilichonse ndinayamba ndi chakudya, ndipo apa mtima unandipweteka. Nkhuku yophika ya dzana, mpunga wotsala ndi mkakawo ndinataya. Chakudya chotere chikakhala maola oposa awiri pamwamba pa madigiri 5 sichidalirikanso, ndiye changachi chinali chitakhala masiku. Kununkhiza sikuthandiza, poti tizilombo totsekula m'mimba nthawi zambiri sitisintha fungo. Tomato, kabichi ndi zakumwa ndinasunga. Nyama ya m'firiza inali idakali gwa, nayonso ndinasunga.

Kenaka ndinayang'ana kabatani kopotokola kam'kati. Manambala ake, 1 mpaka 5, si madigiri ayi. Pa mafiriji ambiri, nambala ikamakwera ndiye kuti kuzizira kukuwonjezeka. Kanga kanali pa 2 kuyambira nyengo yozizira ya mu Juni. Ndinakapititsa pa 4 n'kudikira tsiku lathunthu. Kudikiraku n'kofunika, chifukwa mukamapotokola ola lililonse simudziwa chimene chathandiza. Themomita inatsika kufika pa 7 basi.

Ndiye ndinapita ku labala wa chitseko. Ndinatsekera kapepala pachitseko n'kukakoka, malo osiyanasiyana kuzungulira. M'mwamba kankakana, koma pakona ya pansi kanangosololoka. Nditagwada ndinapeza labalayo atamatirira zakumwa zotayikira zouma, ndipo anali atapindikira m'kati. Ndinamutsuka ndi madzi ofunda a sopo, n'kumuwongola ndi zala adakali wofewa. Akanakhala wong'ambika ndikanagula wina.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri chinali kumbuyo. Nditazimitsa ndi kuzula pulagi, ndinakoka firiji ija n'kupeza timapaipi takuda tija titakutidwa ndi fumbi ndi ukonde wa akangaude. Timapaipi timeneti ndi timene timatayira kunja kutentha kochokera m'kati. Tikakutidwa chonchi, kompulesa, yomwe ndi injini ya firiji, imangolira osapuma koma kuzizira osafika. Ndinapukuta ndi bulashi yofewa, ndipo pobwezera ndinasiya mpata wa chikhatho chimodzi pakati pa firiji ndi khoma. Ndinaisunthanso kuichotsa pafupi ndi kuka, pomwe inkawauka tsiku lililonse tikamaphika nsima.

M'firiza munali ayisi wochindikala kuposa chala. Ndinaika nyama m'kulaboksi, n'kusiya chitseko chotsekula kuti asungunuke yekha, beseni la madzi otentha lili m'kati. Mpeni musayerekeze n'komwe: mukaboola paipi, gasi yense amatuluka. Pobwezeretsa zinthu ndinasiya mipata kuti mpweya uziyenda, ndipo mkaka ndinauchotsa pachitseko, chifukwa ndi pamene pamafunda kwambiri.

Patatha tsiku lina, tambula ija inasonyeza 4, firiza 18 pansi pa ziro.

Zikanakanika apa ndikanaitana wokonza mafiriji, ndipo ndikanamuuza ndendende zimene ndaona. Kompulesa ikamangoti "tiki" n'kukhala chete osalira, kawirikawiri ndi kachipangizo koyiyambitsa kamene kafa. Firiza ikamazizira koma mbali inayo ikufunda, makamaka pa mafiriji osagwira ayisi, amakayikira fani kapena njira ya mpweya yotsekeka ndi ayisi. Ndipo wina akakuuzani kuti gasi watha, mufunseni kuti akutulukira pati. Gasi wa m'firiji samatha ngati wophikira, amangozungulira m'mapaipi otsekeka. Akachepa ndiye kuti pali podontha, ndipo kuthira wina osamata pamenepo n'kutaya ndalama.

Themomita ija ndinaisiya momwemo. Magetsi akathima sititsekula chitseko, poti firiji yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi, firiza yodzaza mpaka masiku awiri. Akayaka ndimayamba ndawerenga kaye ndisanapatse ana chilichonse.