Makhadi anga a mawu osintha tanthauzo: mwezi wachisanu

Mwezi uno makhadi anga afika 64. Ndinayamba ndi kabokosi ka zigawo zinayi: cha mawu amene tanthauzo lake lidafutukuka, cha amene lidachepa, cha amene lidasamuka mwa kufanizira, ndi cha mawu amene ukali wake udazirala. Pa khadi lililonse ndimalemba liwu pamwamba, tanthauzo lakale kumanzere, la lero kumanja, ndipo pakati ndimasiya mpata. Miyezi yoyambirira mpatawo unkakhala wopanda kanthu. Pano ndazindikira kuti ntchito yeniyeni ili pamenepo, chifukwa liwu silidumpha kuchoka pa tanthauzo lina kukatera pa lina. Pamakhala ziganizo zimene matanthauzo onse awiri amakwanira nthawi imodzi, moti wolankhula akhoza kunena china, womvera n'kumva china, koma osasemphana. Chiganizo chotere ndimachitcha mlatho, ndipo khadi lopanda mlatho ndimaliyesa losamalizidwa.

Khadi limene landitengera masiku ambiri ndi la mneni kuwerenga. Timawerenga mbuzi, timawerenganso buku. Tanthauzo loyamba ndi liti? Ndi la kudziwa kuchuluka kwa zinthu, pakuti anthu ankawerenga ziweto ndi masiku mabuku asanafike. M'Chishona mulinso mneni yemweyu, kuverenga, ndipo nayenso amanyamula zonse ziwiri. Mlatho ndikuuona pa chala. Wowerenga zinthu amaloza chimodzichimodzi, motsatana, uku akutchula mokweza. Wophunzira buku kumene amachitanso chomwecho: chala pa chilembo, kutchula, kusuntha chala, kutchulanso. Munthu woonerera pambali, amene sanaonepo buku, akanati mnzakeyo akutani? Akuwerenga timizere tija.

Chimene chandisangalatsa kwambiri n'chakuti tanthauzo lakale silinachoke, lidangobisala m'mawu otumphuka ku mneniyu. Chiwerengero ndi nambala basi, palibe amene angatchule buku kuti chiwerengero. Kuwerengetsera ndi masamu. Anthu owerengeka ndi anthu ochepa. Kuwerengera munthu ndi kumudalira, kumuika m'gulu la zimene uli nazo. Onsewa adatsalira ku tanthauzo lakale. Koma liwu lakuti osawerengeka lili ndi phazi uku ndi uku: nyenyezi zosawerengeka ndi zochuluka, pamene zolemba zosawerengeka ndi zimene wolembayo adangokhwatchakhwatcha. Nditalipeza ndinalilemba pakati pa khadi ndi inki yofiira. Kuyambira pamenepo, ndikafuna kudziwa tanthauzo lakale la mneni, ndimayamba ndasonkhanitsa ana ake onse, chifukwa nthawi zambiri iwo sasuntha msanga ngati kholo lawo.

Kulemba ndinakuika pafupi pomwepo. Munthu amalemba mzere pansi ndi chala popanda chilembo chilichonse, ndiye tanthauzo la kuika chizindikiro. Kuchoka apo tinafika pa kulemba kalata. Kenako, popeza woyamba ntchito dzina lake limalowa m'kaundula, tinayamba kunena kuti amulemba ntchito, ndipo lero timatero ngakhale pamene sipanagwiridwe cholembera.

Chigawo cha mawu ochepa tanthauzo chinali chopepuka, koma ndaona kuti chadzaza ndi mawu obwereka. Ndege pa Chiswahili ndi mbalame iliyonse, ndipo eni ake adafanizira chombo chouluka ndi mbalame. Ife tidangotenga chombocho, chifukwa liwu la mbalame tinali nalo kale. Fodya ndi wakale kuposa apo. Apwitikizi adakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'mbali mwa Zambezi m'zaka za m'ma 1500, ndipo liwu lawo lotanthauza tsamba amalitchula folya. Kwa iwo ndi tsamba la mtengo uliwonse, ngakhalenso tsamba la pepala. Kwa ife lidasanduka dzina la chomera chimodzi chokha, chochokera ku Amerika. Chifukwa chake chikuoneka poyera: wobwereka liwu samva ziganizo zonse zimene eni ake amaliikamo, amangolimva pa chinthu chimene chili patsogolo pake tsiku limenelo. Tsamba la fodya tikamalitchula lero, timanena tsamba kawiri osadziwa.

Tsopano cholakwa changa, chimene ndakhala nacho m'bokosi kuyambira mwezi wachiwiri. Ndinali ndi khadi la mtengo m'chigawo cha kufanizira. Ndinalembapo kuti mtengo wa malonda udachokera ku mtengo wa m'nkhalango, ndipo ndinapeka ndekha kamlatho: mwina anthu ankalemba timizere pa kamtengo posunga chiwerengero cha zosinthana. Nkhaniyo inkamveka bwino m'khutu, ndiye vuto lake. Chinandidzutsa ndi kuwatchula mokweza motsatana. Pa mtengo womera, mawu amakwera pa te kenako n'kutsika. Pa mtengo wa malonda, mawu amangoyenda pansi mpaka kumapeto. Timawalemba mofanana chifukwa kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu, koma pakamwa ndi mawu awiri. Nditayang'ana Chishona zinatsimikizika: kutenga kwa iwo ndi kugula, mutengo ndi mtengo wa malonda, pamene womera uja ndi muti. Choncho mtengo wa malonda uli ndi banja lakelake, sunamere m'nkhalango. Khadilo sindinalitaye. Ndalidula pakati, ndalemba pamwamba pa bokosi mafunso awiri oti ndizidzifunsa ndisanalumikize matanthauzo: kodi mawuwa amatchulidwa mofanana ndithu, nanga zinenero zachibale zikuti chiyani?

Mafunso omwewo ndi amene andithandiza pa boma. Ambiri tidamvapo kuti liwuli ndi zilembo zoyamba za mawu anayi a Chingelezi, dzina la ulamuliro wa asilikali a Britain. Nanenso ndinakula ndikukhulupirira zimenezi. Njira yoziyesera ndi ya zaka: ngati liwu lidapangidwa ndi ulamuliro, lisapezeke ulamulirowo usanakhazikike. Koma m'dikishonale ya Chiswahili ya Ludwig Krapf, yosindikizidwa mu 1882, boma lilimo kale, kutanthauza mpanda wa mitengo wotchinjiriza mudzi. Britain adalengeza ulamuliro wake pa dera lomwe lero ndi Malawi mu 1891. Liwu ndi lakale kuposa chinthu chimene akuti chidalibala.

Ulendo weniweni wa liwuli ndi wokoma kuposa nthano ija. Poyamba boma ndi mpanda. Akuluakulu a atsamunda atamanga malo awo otchingidwa, malowo adatchedwa boma. Mlatho wake ndi chiganizo ngati chakuti akukuitanani ku boma: wina amva malo, wina amva anthu aulamuliro amene ali mkatimo, ndipo onse akulondola. Pambuyo pake tidayamba kunena kuti boma lalamula, boma lakana, ngakhale mpanda sulamula. Mwa njira ina, dzinalo lidafalikira ku dera lonse loyang'aniridwa kuchokera pamalopo, n'chifukwa chake timawerenga maboma 28. Pa Chiswahili boma likadali mpanda, ngakhale khola la ng'ombe, ndipo ulamuliro wa dziko amautcha serikali. Tanthauzo limene kwa eni ake ndi lalikulu, kwa ife lidazimiririka.

Khadi limeneli landikakamiza kuwonjezera chigawo chachisanu m'bokosi. Ndinkafuna kuliika pa kufanizira, koma silikwanira. Pofanizira pamafunika zinthu ziwiri zofanana maonekedwe kapena kachitidwe, monga ndege ndi mbalame, kapena tsinde la mtengo ndi tsinde la mneni. Mpanda sufanana ndi olamulira m'njira iliyonse, adangopezeka pamalo amodzi. Kumeneku ndi kusamuka mwa kuyandikana. Nditabwerera m'makhadi akale ndinapezamo ena asanu ndi awiri amene ndinawaika molakwika, kuphatikizapo kulemba ntchito kuja, ndi mwezi, umene ndi wa kumwamba komanso nthawi imene umatenga kuti uonekenso.

Chigawo cha ukali wozirala ndi chimene chimandikoka mtima, chifukwa kusinthako ndimakumva ndi makutu anga. Taonani liwu lakuti koopsa. Kuopa ndi kuchita mantha, kuopsa ndi kuchititsa wina mantha. Mphepo inawomba koopsa: apa mantha alipo, kuchuluka kuliponso, ndiye mlatho umenewu. Anathamanga koopsa: mantha ayamba kuchepa, chatsala ndi kudabwa. Tinasangalala koopsa: mantha atheratu, liwu langotsala kutanthauza kwambiri. Muyeso umene ndimagwiritsa ntchito ndi kuliika pambali pa mawu okoma. Likakhala bwinobwino pafupi ndi kusangalala kapena kukongola, ndiye kuti labuntha.

Chimayambitsa zimenezi ndi chilakolako cha wolankhula chofuna kuti amveke. Liwu lakuti kwambiri lidatha mphamvu chifukwa chomveka tsiku lililonse, ndiye munthu amatola liwu la mantha kuti womvera atchere khutu. Anthu ambiri akatero, nalonso limazolowereka, ndipo pamafunikanso lina. Koma kubunthaku sikugwira banja lonse. Ngozi yoopsa ikadali yoopsa, kuopseza munthu kukadali mlandu. Chabuntha ndi koopsa kokha, pamene kakuonjezera mphamvu ya mneni. Izi zikufanana ndi zimene ndinaona pa kuwerenga: tanthauzo limasintha pa malo amodzi m'chiganizo, abale ena n'kutsala pomwe anali.

Kupha nakonso kwazirala m'malo ena. Timapha ludzu popanda magazi. Ndipo chiphadzuwa, liwu lotamanda mkazi wokongola, ndakhala ndikulitchula zaka zonsezi osamvamo imfa, mpaka tsiku lomwe ndinaligawa pa khadi: chi, pha, dzuwa. Fanizo lake ndi lamphamvu, kukongola kozimitsa dzuwa, koma ambiri timangolimva ngati dzina wamba.

Pa tebulo patsala khadi la kujambula, ndipo ndalizunguliza m'manja kangapo. Lidayamba ndi dzanja lojambula chithunzi, lidapita ku kamera, pano timajambula mawu ndi nyimbo, zinthu zopanda maonekedwe n'komwe. Kuchoka pa dzanja kupita pa kamera n'kosavuta, pakuti zonse zimabala chithunzi. Mlatho wopita ku mawu ndikuuganizira pa kanema, pamene chithunzi ndi mawu zimatengedwa limodzi, moti akuti akujambula mwambo, wina n'kumva zooneka, wina zomveka. Ndalemba zimenezi ndi pensulo, osati inki, ndipo sabata ikubwerayi ndisonkhanitsa kaye ana a mneniyu: chojambula, wojambula, kujambulitsa, kujambulidwa.