Atandikaniza viza, apilu ndinalemba chonchi

Pasipoti inabwerako yopanda viza, mkati muli kafomu basi. Inali viza ya Schengen, yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya, ndimafuna kukacheza kwa achemwali anga masabata awiri. Tsiku loyamba ndinangokwiya, lachiwiri ndi pomwe ndinakhala pansi kuwerenga kafomuko bwinobwino. Pamakhala mndandanda wa zifukwa ndipo amachonga zomwe akukanizira, ine anachonga ziwiri: sindinaonetse kuti ndili ndi ndalama zokwanira ulendowo, komanso akukayika ngati ndingabwerere viza isanathe. Mmunsi mwake analemba komwe apilu imapita ndi nthawi yomwe ndili nayo. Muyambire pamenepo, chifukwa dziko lililonse lili ndi masiku ake, mukachedwa kalata yanu saiwerenga nkomwe. Kwina apilu kulibe, monga viza yokacheza ku America akakukanizani pa lamulo la 214(b), loti simunaonetse kuti mudzabwerera kwanu, mumangofunsiranso kachiwiri.

Kalata yoyamba yomwe ndinalemba inali yodandaula, yoti ndawasowa achemwali anga, mundimvere chisoni. Ndinaing'amba. Wowerenga uja sakufuna misozi, akufuna yankho pa zomwe anachonga.

Ndiye pamwamba ndinaika dzina monga lilili mu pasipoti, nambala ya pasipoti, nambala ya fomu yofunsira viza ndi deti lomwe ndinalandira chikanizocho. Kenako chifukwa chilichonse ndime yakeyake.

Pa ndalama ndinadzipeza ndekha pomwe panalakwika. Mu sitetimenti ya ku banki munalowa ndalama yambiri kamodzi kutatsala masiku ochepa kuti ndipereke fomu, ndiye kwa munthu wosakudziwa zimaoneka ngati wabwereka kuti akaunti ioneke yonona kenako ubweze. Chonsecho ndinali nditagulitsa galimoto. Ndinafotokoza zimenezo m'mizere itatu, ndikutchula deti lomwe ndalamayo inalowa, nkulemba kuti onani pepala 2, mgwirizano wogulitsira galimoto, ndi pepala 3, sitetimenti ya miyezi 6 yodindidwa ndi banki yoonetsa malipiro akulowa mwezi ndi mwezi.

Za kubwerera, kulumbira sikuthandiza. Kalata ya kuntchito yomwe ndinapereka poyamba imangoti ndimagwira kumeneko, yatsopanoyi abwana anaikamo tsiku loyamba tchuthi ndi tsiku lomwe akundiyembekezera pa ntchito. Ndinaonjezera satifiketi zakubadwa za ana anga.

Kumapeto ndinandandalika mapepala onse ndi manambala, pepala 1 kukhala kope ya chikanizo chija, ndipo nambala iliyonse ndinailembanso ndi cholembera pakona pa pepala lenilenilo. Chimodzi chinatsala pang'ono kundipulumuka, madeti a ulendo anali atadutsa kale, ndiye ndinasintha buking'i ya ndege, kalata yondiitana ndi inshuwalansi ya zachipatala paulendo, yotha kukulipirirani 30,000 yuro, kuti zonse zinene madeti amodzi. Ndinasayina, kujambulitsa zonse kuti ndisunge zanga, nkutumiza mwa njira yomwe imapereka lisiti yoonetsa tsiku lotumizira.