Mfundo ziwiri za pa tebulo

Lolemba m'mawa ndinalandira zithunzi 46 kuchokera ku shopu ina ya akalipentala ku Ndirande, yomwe ikukonza katalogu yake yoyamba. Ntchito yanga inali kulemba mawu a pansi pa chithunzi chilichonse, komanso mawu ena aafupi omwe saoneka pa tsamba koma foni imawawerenga mokweza kwa munthu wosaona. Okonza masamba a pa intaneti amawatcha `alt`, ndipo amene akukonza lathuli anandiuza kuti ndisapitirire zilembo 125.

Za mpando wathunthu sizinandivute. Mpando ndi mpando, miyendo inayi, chotsamira, basi. Zovuta zinali 19 zojambulidwa pafupi kwambiri, moti chithunzi chonse ndi kachigawo ka thabwa, kapena pamene mwendo wakumana ndi mtanda, kapena msoko wa sofa. Cha nambala 12 chinali pamwamba pa tebulo lodyera, lofiirira modera, lonyezimira. Ndinalemba kuti "thabwa la mlombwa weniweni" n'kupitiriza, mtima uli m'malo.

Lachiwiri ndinakwera minibasi kukawaonetsa akapitawo a pa shopupo zomwe ndalemba. Ndi bambo achikulire, pensulo ili kukhutu. Anawerenga, anafika pa nambala 12, anavula magalasi.

"Achemwali, mlombwa umenewu mwauona pati?"

Ndinati mtundu wakewo, bambo. Sanayankhe. Anaitana anyamata awiri kuti atembenuze tebulolo chagada, ndipo kunsi kwake kunali koyera mbee, kwachikasu pang'ono. Paini wa ku Chikangawa. Pamwamba anangopaka utoto wolowa m'thabwa kenako vanishi. Sikuti shopu imanamiza anthu ayi, pa mndandanda wa mitengo yawo analemba bwinobwino kuti paini. Wabodza akanakhala ine, ndipo munthu akanabwera ndi ndalama zake akuyembekezera mlombwa.

Anatola zidutswa zitatu pansi pa benchi, anazipala ndi pulena, anazinyowetsa ndi madzi kuti mizere ituluke. Apa ndi pamene sabata yanga inayambira zenizeni.

Paini, anati, mumudziwe ndi mfundo, tozungulira takuda tija pamene panali nthambi. Pa chithunzi changa chija panali ziwiri kumanzere, zikundiyang'ana, ine osaziona. Mizere yake imasiyana moonekeratu, woyera, wakuda, woyera, wakuda, ndipo pakati pa mizereyo pamakhala posalala, popanda timabowo. Utoto sulowa mofanana mu paini: pofewa umamwa kwambiri, polimba umakana, n'chifukwa chake amaoneka wamathothomathotho mukayang'anitsitsa.

Mlombwa ndi mbawa zili ndi timabowo tating'ono tomwe pa thabwa lopala timaoneka ngati tizikande ta singano totsata utali wa thabwalo. Pa chithunzi chapafupi timaoneka ndithu, bola mudziwe kuti mukufuna chiyani. Mlombwa mtundu wake sukhala umodzi, thabwa lomwelo lili ndi pagolide, pofiirira, pena mzere wakuda, ndipo ngati wocheka sanachotse mbali ya kukhungwa mupeza lamba woyera m'mphepete wosiyana kwambiri ndi mtima wake. Mtengo umenewu ndi uja ukautema umatuluka utomoni wofiira ngati magazi. Mbawa ndi yofiirira mofanana thabwa lonse, imadera ikamakalamba, ndipo matabwa ena amakhala ndi timalamba towala ndi todera totsatizana. Anandipatsa chidutswa kuti ndichipendeketse padzuwa: lamba amene anali wowala anada, wakuda anawala. Chithunzi sichingaonetse zimenezo, chimagwira mbali imodzi yokha, ndiye mawuwo ndi amene ayenera kunena.

China chimene ndinkasokoneza ndi ichi. Mizere yokhota ngati malawi a moto, kapena yowongoka ngati ya m'kope, sikuuzani mtundu wa mtengo. Imangosonyeza mmene chipikacho chinachekedwera. Thabwa lochekedwa cham'mbali mwa chipika limatulutsa malawi, lodutsa cholunjika pakati limatulutsa mizere yowongoka. Kuyambira pamenepo ndinayamba kulekanitsa zinthu zitatu: mtengo wake, chimene apaka, ndi chimene diso likuona. Nambala 12 inakhala motere: "Pamwamba pa tebulo la paini wopaka utoto wofiirira, mizere yokhota ngati malawi, mfundo ziwiri zakuda kumanzere."

Lachitatu linali la molumikizira. Dirowa ya kabati inali yosavuta, chifukwa mano ake amaoneka m'mbali, otambalala kunsonga ngati mchira wa nkhunda, olowana kotero kuti mukakoka dirowayo kutsogolo kwake sikungazuke. Ndinawerenga manowo, asanu, ndinalemba asanu. Vuto linali pa mpando. Pamene mtanda walowa m'mwendo, lilime lake limabisika m'bowo, ndipo chomwe chikuoneka kunja ndi kamzere kopyapyala ndi kadontho kozungulira ka mtengo. Ndinali nditalemba kuti "cholumikizidwa ndi chikhomo cha mtengo, popanda chitsulo." Akapitawo anandiuza kuti ndiyang'ane kadonthoko. Ngati ndi chikhomo chenicheni chopyoza lilime, mumaona kunsonga kwa mtengo, ndipo kamada kuposa mwendo chifukwa nsonga imamwa vanishi wambiri. Ngati mizere ya kadonthoko ikuyenda chopingasa ngati ya mwendo womwewo, kawirikawiri ndi kachivindikiro kobisa mutu wa sikuluwu. Pa mipando yodyera zinali zikhomo. Pa mabenchi awiri zinali zivindikiro, ndipo mawu oti "popanda chitsulo" ndinawafufuta.

Lachinayi ndinakhala ndi mayi amene amakuta masofa, kuseri kwa shopu, pakati pa milu ya siponji. Zithunzi ziwiri ndinali nditazilemba ngati za masofa awiri, lina lobiriwira modera, lina lowala. Mayiwo anaseka, anati ndi sofa limodzi, nsalu yake ndi yaubweya ija, anasisita ndi dzanja kupita uku inada, kubwerera inawala. Wojambula anangoima mbali ziwiri zosiyana. Anandionetsanso kuti chomwe ndinkati chikopa ndi lekizini: kunsi kwake kuli nsalu yolukidwa, ndipo timakwinya ta pamwamba timabwereza mofanana chifukwa anachita kudinda ndi makina. Ndinawafunsa ngati ndilembe kuti kushoni ndi yofewa.

"Mwakhalapo inu?"

Ndinakhalapo, inali yolimba ndithu, ndipo anati ndi dala, siponji yofewa kwambiri imafota msanga. Komabe pa chithunzi siponji sioneka. Tinagwirizana kuti mawu a chithunzi anene zooneka, mabatani asanu ndi limodzi omira m'chotsamira, msoko wa mizere iwiri, mpendero wa chingwe m'mphepete, ndipo za siponji zipite pamene alemba miyeso ndi mtengo wake. Mawu ngati "chokongola" ndi "chapamwamba" ndinawachotsa onse. Munthu wosaona akamva kuti chokongola sanamvepo kanthu, ndipo zilembo 125 si zambiri.

Lachisanu magetsi anazima kuyambira m'mawa, ndinamalizira pa foni. Zithunzi zitatu za kabati ndinazibweza kwa wojambula. Anazijambula madzulo pansi pa babu lachikasu, ndiye mbawa inaoneka ngati lalanje, ndipo sindikanalemba kuti yofiirira pomwe woona akuona china. Anadandaula za mafuta a njinga yamoto, koma anavomera kubwera Loweruka m'mawa, tikatulutse kabatiyo pakhonde pomwe pali mthunzi. Akapitawo anandipatsa zidutswa zitatu zija kuti ndipite nazo, atalemba mayina ake kunsi ndi pensulo. Sabata yamawa kukubwera zithunzi za mabedi, ndipo andichenjeza kale kuti awiri mwa iwo ndi a bulugama.