Kuwerengera munthu kalata ya m'chinenero china: zofewetsa ndi zosakhudza

Pa maphunziro omasulira pali gawo limene limaoneka lophweka mpaka utaliyesa: kuyang'ana pepala lolembedwa m'Chingerezi, pakamwa n'kumatulutsa Chichewa nthawi yomweyo. Zimavuta kwambiri womverayo akakhala wosadziwa kuwerenga, chifukwa sangabwererenso papepalapo kukaona chimene chamudutsa. Chimene wanena iwe ndiye kalatayo.

Titenge kalata ya kuchipatala yoitana mayi ku opaleshoni. Pamwamba pali dzina la chipatala, adiresi ndi nambala ya fayilo. M'munsi muli chiganizo chachitali chonena kuti wodwala afike pa 03/04 nthawi ya 07:00, asadye kuyambira pakati pa usiku, koma madzi angamwe mpaka 05:00. Apitirize mankhwala ake onse kupatula ochepetsa kuundana kwa magazi. Kumapeto, m'zilembo zing'onozing'ono, akuti akapanda kutsimikiza pofika Lolemba malo ake apatsidwa kwa wina.

Usayambe kulankhula usanaiwerenge yonse chamumtima. Mphindi imodzi imakwana. Ukufuna kupeza amene walemba, chimene mayiwo achite, liti, kuti, ndi chimene chichitike akapanda kuchita. M'kalatayi chinthu chofulumira kuposa zonse chili pansi penipeni, ndipo womasulira mzere ndi mzere amachifika khutu la womvera litatopa kale.

Chofewetsa ndi kamangidwe ka mawu. Chiganizo chachitali chidule, chilichonse chinyamule mfundo imodzi. Kalembedwe ka muofesi kamabisa wochita, kamati "wodwala akuyembekezeka kufika". Iwe unene kuti "Mayi, akuti mufike". Nambala ya fayilo ingoitchula kuti ilipo, uwaloze pamene ili. Malangizo uwasanje motsatira nthawi: Lolemba mutsimikize, usiku woti mawa lake ndi opaleshoni musiye kudya, m'mawa mufike. Khutu limasunga bwino zinthu zobwera m'ndondomeko imene zidzachitikire.

Zosakhudza ndi manambala, kukana, ndi timawu ta malire monga "kupatula", "pokhapokha", "mpaka". Apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwa, ndipo amagwa chifukwa cha chifundo. Pofuna kupeputsa amati "musadye kapena kumwa chilichonse usiku", chonsecho kalata yalola madzi mpaka 5 koloko m'mawa. Choopsa kwambiri ndi kunena kuti "mankhwala anu muzimwabe" n'kumeza "kupatula" uja. Chiganizo chafupika, chamveka bwino, koma mayi amwa mankhwala amene angachititse kuti ataye magazi ambiri, kapena kuti opaleshoni iimitsidwe. Chimodzimodzi "muyenera" asasanduke "mungathe", ngakhale woyambayo akumveka waukali.

Deti lija nalo ndi msampha. M'kalembedwe ka ku Britain 03/04 ndi 3 Epulo, pomwe ku America ndi 4 Malichi. Yang'ana deti limene kalatayo inalembedwa kapena tsiku la sabata ngati alitchula. Zikapanda kuthandiza, usalote, auze mayiwo kuti pamenepa pafunika kufunsa kuchipatala. Ukatsimikiza, tchula tsiku ndi dzina: "Lachinayi, pa 3 Epulo, 7 koloko m'mawa". Pakati pa usiku paja unene kuti ndi usiku wa Lachitatu kuchera Lachinayi, apo ayi wina adzasala usiku wolakwika.

Mawu achipatala ali pakatikati. Dzina la mankhwala litchule mmene lalembedwera, chifukwa ndi limene lili pa paketi, kenako uwonjezere ntchito yake mwachidule. Koma womvera adziwe pamene pepala lathera ndi pamene iwe wayambira: "Izi ndi za m'kalata. Tsopano ndikufotokozereni ine." Popanda malire amenewa, maganizo ako amapita kunyumba atavala chidindo cha dokotala. Akafunsa kuti "ndiye ndisiye liti mankhwalawo?" kalata isananene, yankho ndi lakuti kalata sinanene, afunse amene anailemba.

Ndipo kufewetsa konseku kumatha ngati pepalalo ndi loti asaine kapena kudinda chala. Pamenepo umawerenga zonse, mzere uliwonse, ngakhale zotopetsa.

Pomaliza usafunse kuti "mwamva?" Munthu waulemu amayankha "eya" ngakhale atasokonezeka, makamaka amene akuchita kale manyazi kuti akuwerengeredwa. Funsa motere: "Kuti ndione ngati ndafotokoza bwino, Lachitatu usiku muchita chiyani?" Akati "sindidya, sindimwa madzi", wadziwa kuti za 5 koloko zija sizinalowe. Bwereza mfundo yokhayo, m'mawu ena, kenako ufunse za mankhwala ndi za Lolemba.