Lachitatu: Ndayankha Kalata ya Kuchedwa Kuntchito

Lero ndadzuka 4 koloko m'bandakucha kuti ndimalize kalata. Dzulo masana a ku ofesi yoona za ogwira ntchito anandiitana n'kundipatsa envulopu, ndipo ndinasainira kuti ndalandira. M'katimo munali kalata yoti ndifotokoze, pasanathe maola 48, chifukwa chimene asandipatsire chilango pa mlandu wochedwa kuntchito kanayi m'mwezi wa Malichi. Timayenera kusaina m'kaundula wa pageti pofika 7:30.

Usiku ndinalemba tsamba lathunthu lopepesa: moyo wavuta, minibasi zikusowa, mundikhululukire bwana. Ndinakawaonetsa achimwene oyandikana nawo nyumba kuno ku Machinjiri, amene anakhalapo nthumwi ya bungwe la ogwira ntchito pafakitale ina. Anawerenga mpaka kumapeto n'kupukusa mutu.

"Achimwene, apa mwavomera milandu yonse inayi osayankha ndi umodzi womwe. Tengani tsiku lililonse palokha. Pamene munalakwa vomerani, pamene simunalakwe kanani ndipo muonetse umboni."

Anandikumbutsanso kuti lamulo la za ntchito la chaka cha 2000, pa ndime 57, limati munthu asachotsedwe ntchito chifukwa cha khalidwe lake asanapatsidwe mwayi wodziteteza. Kalata yangayi ndi mbali ya mwayi umenewo. Nkhani ikadzafika kwa mkulu woona za ntchito paboma kapena ku khoti la za ntchito, adzawerenga zimene ndalemba ndi dzanja langa. Ndinang'amba yoyamba ija.

M'mawa uno ndayala patebulo buku lachipatala la mwana, foni ndi kope langa la kuntchito.

Za pa 4 Malichi, akuti ndinafika 8:10. Ndalemba kuti: "Ndikuvomera. Mafuta a galimoto anasowa ndipo ndinaima pasiteji kuyambira 6:15 mpaka ndinakwera kabaza. Sindinaimbire foni a kapitawo, ndipo pamenepo ndinalakwa." Mawu omalizawo anandilemera kulemba, koma akanawafunsa a kapitawo zikanadziwika ndithu.

Pa 11 Malichi ndinafika 10:20, ndipo apa ndi pamene ndatayapo nthawi yambiri. Mwana wanga wamkazi anatentha thupi usiku wonse, kukacha tinathamangira naye kuchipatala, anamupeza ndi malungo. Ndinatumiza uthenga kwa a kapitawo 6:05, iwo anayankha kuti ndibwere ndikamaliza. Uthengawo ukadali m'foni. Ndajambula, ndasindikiza, ndaphatikiza ndi fotokope ya tsamba la m'buku lachipatala pamene pali deti ndi chidindo. Masamba ena ndawasiya, matenda akale a mwana sakukhudzana ndi nkhaniyi. M'kalatamo ndati: "Ndinachedwadi, koma ndinadziwitsa a kapitawo nthawi yoyamba ntchito isanakwane ndipo anandiloleza."

La pa 19 ndakana. Kaundula akuonetsa 9:00, zoona, koma dzulo lake madzulo ndinatumidwa kuti m'mawa ndidzere ku Limbe kukatenga katundu ndisanabwere. Risiti yolandirira katunduyo ili ndi siginecha yanga ndi nthawi ya 7:45. Ndinali pantchito kale, kungoti osati pageti. Ndapempha kuti tsiku limeneli lichotsedwe pa mlanduwu. Mtima unandiwawa poona kuti tsiku limene ndinanyamula makatoni laikidwa ngati ulesi, koma mkwiyowo sindinaulowetse m'kalata, ndipo sindinaloze chala munthu aliyense.

La pa 26, mphindi 15, ndilibe chonena. Ndinagonereza. Ndalemba kuti ndilibe chifukwa chomveka ndipo ndikupepesa.

Panali chiganizo china kumunsi kwa kalata yawo chimene dzulo sindinachione bwino, choti ndinachenjezedwa kale kangapo. Ndikanangokhala chete chikanakhala ngati ndachivomera. Ndayankha kuti a kapitawo anandilankhula pakamwa kamodzi mu Januwale, koma chenjezo lolembedwa sindinalandirepo, ndipo ngati lilipo m'fayilo yanga andionetse. Ndamaliza ndi zimene ndisinthe: kunyamuka pakhomo 5:45 m'malo mwa 6:15, ndi kuimba foni isanakwane 7:00 ndikaona kuti ulendo wavuta. Ndapemphanso kuti pakakhala kukumana kokambirana nkhaniyi, andilole kubwera ndi mnzanga wogwira naye ntchito, komanso andionetse kaundula wa masiku anayiwo.

Pageti ndasaina 7:12. Itakwana 9 koloko ndapita ndi makope awiri. Mayi a pa ofesi paja alandira imodzi n'kufuna kuiika m'dirowa.

"Pepani mayi, mungandidindireko yangayi ndi kulembapo deti?"

Andiyang'ana pang'ono, kenako adinda, asaina, alemba 9:05. Ati yankho ndilimva sabata ya mawa. Kope langa ndalipinda n'kulisunga m'thumba la pulasitiki limodzi ndi kalata yondilembera ntchito. Madzulo ano mwana wadya nsima yake yonse, ndipo alamu ndaitchera 4:45.